ULENDO WA MADZI AKUMWA: KUCHOKERA KU MTSINJE KUFIKA MU MTSUKO

Lero tikambirana za madzi amene timamwa, ndipo ndiyamba ndi funso limene mayi wina anafunsa pa msonkhano wa zaumoyo m'mudzi wina. Iye anati: "Mankhwala amene munatipatsa aja ndinathira m'madzi monga munanenera, koma mwana wanga watsekulabe m'mimba. Nanga mankhwalawo ndi achabe kodi?" Atafunsidwa kumene anatunga madziwo, mayiyo anayankha kuti anatunga ku mtsinje, mvula itangokata kumene, madzi ali psuu ndi dothi. Mankhwala aja sanali achabe ayi. Chimene chinalakwika nchakuti anathiridwa nthaŵi yake isanakwane.

Kukonza madzi kuli ndi ndondomeko yake, ndipo ndondomekoyo ndi imodzi, kaya madziwo ndi a mzinda wonse kaya ndi a chidebe chimodzi. Choyamba matope atsike pansi. Chachiŵiri madzi asefedwe. Pamenepo mpamene tizirombo totsala timaphedwa, ndipo pomaliza madziwo asungidwe mwakuti asadetsedwenso. Mukasinthanitsa ntchito zimenezi, yomaliza nkukhala yoyamba, mwataya mankhwala pachabe.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyeni titsate madzi a mu mzinda wa Blantyre. Madzi ambiri amene anthu a mu mzindawu amamwa amachokera mu mtsinje wa Shire, pa malo otchedwa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mu mzinda. Kuchoka pamenepo amapopedwa chokwera, kudzera ku Chileka, mpaka atakwera mamita pafupifupi 800. Amene munaonapo Shire m'nyengo ya dzinja mukudziŵa maonekedwe ake. Mitsinje yonse yothira m'menemo imabwera ndi dothi lokokoloka m'minda ndi m'mapiri mmene mitengo inatha, kotero kuti madzi amakhala ngati phala la maŵere. Madzi otereŵa ndiwo ayenera kusanduka oyera ndi abwino kumwa asanayambe ulendo wokwera uja.

Madzi akamapatutsidwa mu mtsinje amayamba adutsa pa zitsulo zolukidwa ngati sefa wamkulu, zimene zimatsekereza mitengo, udzu, namasupuni ndi zinyalala zina zoyandama. Kenaka amaloŵa m'malo mmene amayenda pang'onopang'ono, ndipo mchenga, poti ngwolemera, umagwa pansi wokha. Mpaka pano palibe chovuta. Vuto lili pa dothi losalala lija, la mtundu wa dongo, limene tizidutswa take ntating'ono kwambiri kosatheka kutiona ndi maso. Mukatunga madzi otere m'botolo nkuliika pa tebulo, maŵa mudzapeza mchenga uli pansi, koma madziwo akadali otuŵa, ndipo angathe kukhala otero kwa masiku ambiri.

Akatswiri anapeza kuti tizidutswa ta dongo timeneti tili ndi kamphamvu ka magetsi ka mtundu umodzi, ndipo chifukwa cha chimenechi timakankhana. Sitingagundane nkupanga chibulu cholemera chakuti nkumira. Tsono pa malo okonzera madzi amathira mankhwala othetsa kukankhanako. Odziŵika kwambiri ndi alamu, ngakhale kuti masiku ano pali enanso ogwira ntchito yomweyo. Alamu akathiridwa, madzi amavundulidwa mwamphamvu kwa kanthaŵi kochepa kuti mankhwala afike paliponse. Kenaka amatakasidwa mofatsa kwa mphindi 20 kapena 30. Apa pamaoneka chinthu chochititsa chidwi: madzi otuŵa aja amayamba kuchita timibulu, monga muja mkaka umachitira ukamasanduka chambiko. Timibuluto timakumana, timakula, ndipo pokula timakola tizirombo tambiri timene tinali m'madzimo. Kutakasa kwachiŵiriku kuyenera kukhala kofatsa ndithu, pakuti mukafulumiza, mibulu ija imasweka ndipo mwabwerera pamene munayambira.

Muyeso wa alamu sukhala umodzimodzi chaka chonse, popeza madzi a mu Okutobala ndi a mu Febuluwale ngosiyana kutali. Wogwira ntchito pamalopo amatunga madzi a tsikulo m'mabotolo angapo, kaŵirikaŵiri asanu ndi limodzi, nathira muyeso wosiyana m'botolo lililonse, natakasa, nkudikira. Botolo limene layera bwino ndi mankhwala ochepa ndilo limamuuza muyeso wa tsikulo. Akathira wochepa, madzi amakhalabe otuŵa; akapyoza muyeso, mibulu siigwirananso bwino, ndipo ndalama zapita. Mvula yamphamvu ikagwa kumtunda usiku, muyeso wadzulo sugwiranso ntchito m'maŵa mwake.

Madzi a mibulu aja amaloŵa m'mathanki akuluakulu mmene amakhala maola aŵiri mpaka anayi, akuyenda pang'onopang'ono kwambiri. Mibulu imamira nkukhala matope pansi, ndipo madzi oyera amasefukira pamwamba kuloŵa m'ngalande. Matopewo amachotsedwa nthaŵi ndi nthaŵi. Akalekereredwa, amadzaza thanki, madzi amadutsa mofulumira osapeza mpata wodikha, ndipo mibulu imayamba kuoneka ikusefukira pamodzi ndi madzi. Chimenechi ndi chizindikiro choyamba chakuti zinthu sizili bwino.

Kuchoka apo madzi amapita ku sefa wa mchenga. Ameneyu ndi thanki yokhala ndi nsangalabwi pansi, ndi mchenga wosankhidwa bwino pamwamba pake, wochindikala kupitirira theka la mita. Madzi amaloŵa pamwamba natsika kupyola mu mchengamo, ndipo timibulu totsala timakakamira ku mchenga. Pakapita tsiku limodzi kapena aŵiri sefa amatsekeka. Pomutsuka amapopa mpweya ndi madzi oyera kuchokera pansi kupita m'mwamba, mchenga nkutakasika, litsiro nkuyandama ndi kutayidwa. Ntchito ya sefa isapeputsidwe, chifukwa pali tizirombo tina totsekula m'mimba tokhala ndi chikhungwa cholimba, timene mankhwala a kolorini satipha msanga. Timeneti tikapanda kukodwa mu mibulu kapena mu mchenga, tingathe kufika ku mpopi tili tamoyo.

Potuluka mu sefa madzi amakhala mbee, ndipo munthu waludzu angathe kunena kuti ntchito yatha. Komatu kuyera kwa madzi si umboni wakuti ngabwino. Kachirombo ka kolera, ka taifodi kapena ka kamwazi sikaoneka ndi maso, ndipo kapu ya madzi oyera ngati galasi ingathe kukhala nato tambirimbiri. Nchifukwa chake pamakhala gawo lomaliza, lothira kolorini.

Pano ndipempha kuti mumvetsere bwino, pakuti yankho la mayi uja lili pomwepa. Kolorini sasankha chogwira. Akaloŵa m'madzi amalimbana ndi chilichonse chimene wapeza: zoola za masamba, ndere, ndowe, litsiro la mtundu uliwonse, ndipo polimbanapo iye mwini amatha. Ali ngati ndiwo zochepa pa nyumba ya anthu ambiri. Oyamba kusambamo m'manja amamaliza, ndipo amene munawaphikira sapeza kanthu. M'madzi a matope kolorini amathera pa litsiro asanafike pa tizirombo. Kuonjezera apo, tizirombo tina timabisala m'kati mwa tizidutswa ta dothi mmene mankhwala sangaloŵe. M'madzi oyera zomutha nzochepa, ndiye amagwira ntchito imene tinamuthirira.

Kolorini amafunanso nthaŵi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limalangiza kuti madzi akhale ndi mankhwalawo kwa mphindi zosachepera 30, ndipo zitatha mphindizo mukhale mutatsalabe theka la miligalamu mu lita iliyonse. Miligalamu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a galamu, choncho tikunena za kanthu kochepetsetsa. Kotsalako nkofunika chifukwa madzi akadali ndi ulendo wautali m'mapaipi ndi m'mathanki. Pofika ku mpopi wakutali kwambiri payenera kukhala patatsala mamiligalamu 0.2 pa lita. Oyeza amatunga madzi pang'ono m'kabotolo naponyamo kam'bulu ka mankhwala ena; madziwo akafiira pang'ono ndiye kuti kolorini alimo, akakhala osasintha ndiye kuti watha. Motero kafungo kamene ena amadandaula nako pa madzi a pa mpopi ndi mlonda amene waperekeza madziwo kuchokera kutali.

Mlondayo nthaŵi zina amagonja pa njira. Paipi ikakhala yodontha, madzi akamayenda mwamphamvu amatulukira kunja ndipo litsiro sililoŵa. Koma madzi akasiya kutuluka m'mipopi, paipi imakhala yopanda kanthu ndipo imayamwa madzi a m'nthaka kudzera pobooka paja. Ngati paipiyo yadutsa m'ngalande ya zonyansa kapena pafupi ndi chimbudzi, mukudziŵa nokha chimene chaloŵa. Choncho madzi oyamba kutuluka pambuyo pa kusoŵa kwa madzi, makamaka akabwera akuda, musamwe msanga. Alekeni atuluke mpaka ayere, ochapira akhale amenewo, ndipo akumwa a tsiku limenelo muwakonze monga mungakonzere a pa chitsime.

Zimenezi si nkhambakamwa. Mliri wa kolera umene unayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe wa Ana, unafalikira m'maboma onse, ndipo pofika m'chaka cha 2023 unali utapha anthu oposa 1,700. Unali mliri wa kolera waukulu koposa m'mbiri ya Malaŵi, ndipo sunasiye mizinda: mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi ku Lilongwe zinachedwa kutsekulidwa chifukwa cha matendawo.

Tsopano tibwerere kumudzi, kwa mayi uja ndi chidebe chake cha malita 20 chodzaza madzi ofiira. Iye alibe thanki kapena alamu, koma ntchito zonse zija angathe kuzichita pakhonde pake.

Ayambe ndi kudikhitsa madzi. Awavindikire nkuwasiya tsiku lathunthu, kenaka atsanulire a pamwamba mu mtsuko wina mosamala, osagwedeza, ndipo a pansi a matopewo akathirire mbewu. Amene ali ndi mitsuko itatu angathe kuchita bwino koposa. Madzi otungidwa lero aloŵe mu mtsuko woyamba, maŵa atsanuliridwe mu wachiŵiri, mkuja mu wachitatu, ndipo ogwiritsa ntchito azichokera mu wachitatuwo. Kudikira masiku aŵiri kotere kuli ndi phindu linanso: tizirombo ta likodzo tosambira m'madzi sitikhala ndi moyo kupitirira masiku aŵiri tikapanda kuloŵa m'thupi la munthu.

Nanga dongo lija losafuna kumira? Mtengo wa cham'mwamba, umene ambiri timangoudziŵa ngati ndiwo zamasamba, uli ndi yankho. Njere zake zokhwima ndi zouma zili ndi mphamvu yogwirizanitsa tizidutswa ta dothi monga amachitira alamu. Zimenezi zinayesedwa konkuno kwathu, pa malo okonzera madzi a ku Thyolo, m'zaka zoyambirira za m'ma 1990, ndipo njerezo zinayeretsa madzi a matope a m'dzinja mofanana ndi alamu. Pakhomo, sendani makoko a njere, musinje za m'katizo zikhale ufa wosalala. Pa madzi a matope ambiri, yambani ndi njere imodzi pa lita iliyonse, kutanthauza njere 20 pa chidebe chija. Pa madzi otuŵa pang'ono zochepera pamenepo zikwana. Sungunulani ufawo m'kabotolo ka madzi oyera, mukhutchumule bwino, muthire m'chidebe kudzera pa kansalu. Vundulani mwamphamvu kwa mphindi imodzi kapena ziŵiri, kenaka mutakase mofatsa kwa mphindi zisanu kufikira khumi, ndipo muchisiye chidebecho osachikhudza kwa ola limodzi kapena aŵiri. Mudzaona matope ataunjikana pansi. Koma chenjerani: cham'mwamba chimayeretsa madzi, sichipha tizirombo tonse. Ndiponso ufa wake wotsalira m'madzi ndi chakudya cha tizirombo, kotero madzi otere atsanulidwe msanga, amalizidwe kukonzedwa ndi kugwiritsidwa ntchito tsiku lomwelo.

M'malo mwa sefa wa mchenga, mayiyo ali ndi chitenje. Chikhale chathonje, chochapidwa bwino, chopindidwa kanayi kapena kuposa, nkumangidwa pakamwa pa mtsuko. Chakale chimene chachapidwa kambiri chimasefa bwino kuposa chatsopano, malinga chisakhale chong'ambika. Ku Bangladesh, kumene kachirombo ka kolera kamakonda kumatirira ku tinthu ting'onoting'ono tamoyo ta m'madzi, kafukufuku wofalitsidwa mu 2003 anapeza kuti m'midzi mmene amayi ankasefa madzi ndi nsalu zawo zopinda, odwala kolera anachepa pafupifupi ndi theka. Theka si onse, choncho nsalu isakhale mathero. Mukatha kusefa ichapeni ndi madzi oyera, muiyanike pa dzuŵa, ndipo musamaitembenuze mbali imene inagwira litsiro kuti iyang'ane m'madzi oyera.

Madzi aja tsopano ayera. Njira yodziŵira ngati ayera mokwanira ndi iyi: mukayang'ana m'chidebe chodzaza muzitha kuona pansi pake bwinobwino. Apa mpamene pafika nthaŵi ya mankhwala. Tiyeni tiŵerengere limodzi. Pa madzi oyera pamafunika mamiligalamu aŵiri a kolorini pa lita, ndiye kuti 40 pa chidebe cha malita 20. Alangizi a zaumoyo akamasungunula magalamu 15 a kolorini waufa wamphamvu uja mu lita imodzi ya madzi, amapeza mankhwala okhala ndi mamiligalamu pafupifupi 10 mu mililita iliyonse. Pa mankhwala a mphamvu yotere, mamililita anayi, amene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndiwo akwanira pa chidebecho. Ndaŵerengera chotere kuti muone kuchepa kwake, koma mphamvu ya mankhwala imasiyana, ndipo pa nthaŵi ya mliri muyeso umakwezedwa. Choncho tsatani muyeso umene mlangizi wakuuzani, kapena umene walembedwa pa botolo logula m'sitolo, limene kaŵirikaŵiri muyeso wake umakhala kachitsekero kamodzi pa malita 20. Ngati madzi akanika kuyereratu, muyeso umakhala kaŵiri.

Mukathira, takasani ndi chinthu choyera, muvindikire, mudikire mphindi 30. Zikatha, nunkhizani. Kafungo ka kolorini kakamveka pang'ono ndiye kuti mankhwala apha zimene anayenera kupha ndipo ena atsalako. Mukapanda kumva kanthu, pali zifukwa ziŵiri: kapena litsiro linali lambiri ndipo lamaliza mankhwala, kapena mankhwalawo anasukuluka kale. Thiraninso muyeso womwewo nkudikira. Kolorini wosungunula amatha mphamvu akakhala pa dzuŵa, pa malo otentha kapena m'botolo losatseka, ndipo amadya chitsulo. Asungidwe m'botolo la pulasitiki lotseka bwino, pa mthunzi, patali ndi ana, ndipo wokhalitsa masabata ambiri musamudalire.

Pamene mankhwala palibe, kuŵiritsa ndiyo njira yodalirika koposa, pakuti moto umapha ngakhale tizirombo ta chikhungwa tija. Kutentha chabe sikukwanira. Madzi aŵire mpaka kubwadamuka, ndipo abwate chotero kwa mphindi imodzi. Kuŵiritsa kwa theka la ola nkutaya nkhuni. Vuto la njirayi ndi nkhunizo, ndiponso kuti madzi oŵiritsa alibe mlonda wotsalira, motero akazizira angathe kudetsedwanso ndi chikho choyamba choloŵamo. Ngati nkhuni zavuta, oŵiritsawo akhale a ana aang'ono ndi odwala.

Dzuŵa nalo lingathandize. Madzi oyera akathiridwa m'mabotolo a pulasitiki oonekera m'kati, osapitirira malita aŵiri, nkugonekedwa pa denga la malata kwa maola asanu ndi limodzi dzuŵa likuŵala bwino, tizirombo tambiri timafa. Kukakhala mitambo pamafunika masiku aŵiri, ndipo pa masiku a mvula ya mvumbi njirayi siigwira ntchito.

Ndinenenso kuti njira zonsezi nzolimbana ndi dothi ndi tizirombo basi. Madzi a mchere a m'mijigo ina ya ku chigwa cha Shire sangakome chifukwa chowaŵiritsa kapena kuthira kolorini, ndipo mankhwala a m'munda akaloŵa m'chitsime sachoka ndi nsalu. Pamenepo chofunika nkupeza potunga pena.

Chatsala ndi kasungidwe, ndipo pa chimenechi tili ndi phunziro lochokera kwathu konkuno. M'chaka cha 1993, ku msasa wa Nyamithuthu m'boma la Nsanje, kumene kunkakhala anthu othaŵa nkhondo ya ku Mozambique, ofufuza anaona kuti madzi ankatuluka pa mjigo ali abwino, koma ankadetsedwa ndi zala ndi manja pamene ankatungidwa ndi kusungidwa. Mabanja ena anapatsidwa zidebe zokhala ndi chivindikiro ndi kampopi kotsanulira, zakuti dzanja silingaloŵemo. Tizirombo ta m'chimbudzi m'madzi a mabanja amenewo tinachepa ndi magawo 69 pa 100 aliwonse, ndipo kutsekula m'mimba pakati pa ana osakwana zaka zisanu kunachepa ndi magawo 31 pa 100. Madziwo anali a pa mjigo womwewo. Chinasintha ndi chotengera chokha.

Chotengera chabwino tsono ndi cha kukamwa kwakung'ono, monga chigubu, kapena chidebe chovindikira chokhala ndi kampopi, chakuti madzi azitsanulidwa osati kutungidwa. Amene mumakonda mtsuko chifukwa umaziziritsa madzi, ndipo ine sindikutsutsani, ikanipo chikho cha mpini wautali chimene ntchito yake ndi kutunga kokha, chopachikidwa m'mwamba, ndi kapu ina yomwera. Masamba amene timaika pamwamba pa chidebe kuti madzi asatayike pa njira amabwera ndi litsiro lawo. Chivindikiro chimagwira ntchito yomweyo. Madzi atsopano asathiridwe pamwamba pa otsala a dzana. Mtsuko ukhuthulidwe, utsukidwe ndi sopo, ndipo madzi otsukuluzira akhale okonzedwa kale, osati a ku mtsinje.